Ukwati watha, koma kodi mwana wabwerera m'kalasi?

Mukamva kuti mfumu yathetsa ukwati wa mwana, musafulumire kuomba m'manja. Funsani kaye kuti mtsikanayo ali kuti chaka chikatha.

Lamulo lilipo ndithu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ngakhale makolo atavomereza. Kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 adakwatiwa asanafike msinkhuwo. Mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza adathetsa maukwati otere ambirimbiri. Koma lamulo limangochotsa mwana kwa mwamuna, silimubwezera m'kalasi.

Taganizani za mtsikana wa zaka 15 amene wakwatiwa ali Sitandade 7 ndipo ali ndi pakati. Chaka chimenecho chapita. Akachira, chinanso chimapita akuyamwitsa. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana wotere kubwerera kusukulu, choncho angabwereze Sitandade 7 ali ndi zaka 17, anzake ali kale kusekondale. Akapirira osabwerezanso kalasi, adzalemba mayeso a Fomu 4 ali ndi zaka pafupifupi 22. Ndi ulendo wautali, koma wotheka, ndipo popanda satifiketi imeneyo sangalowe kukoleji ya uphunzitsi kapena unamwino.

Chimene chimadula ulendowu kawirikawiri ndi mimba yachiwiri, ndipo apa ndi pomwe inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo muli ndi mphamvu. Ambiri amaganiza kuti woyamwitsa sangatenge pakati. Kuyamwitsa kumateteza pokhapokha mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku, komanso mayi asanayambirenso kusamba. Chimodzi mwa zitatuzi chikasintha, chitetezo chatha. Mtsikana akayamba kupita m'kalasi n'kusiyira agogo mwana kuti azimupatsa phala, ndiye kuti chasintha kale, pomwe bambo wa mwanayo amabwerabe pakhomo, ati kudzaona mwana.

Nkhani yolera ikambidwe msanga, pa sikelo ya masabata 6 atachira. Jakisoni wa Depo amafuna kubwerera kuchipatala miyezi itatu iliyonse, zomwe zimavuta kwa mwana wasukulu. Implanon, yoika pamkono, imagwira ntchito zaka 3, Jadelle zaka 5, ndipo zonse n'zololedwa kwa woyamwitsa. Asankhe yekha atamva zonse, kuphatikizapo zoti msambo ungasokonekere. Ena amati kumulereketsa n'kumuphunzitsa chiwerewere. Ine ndimati mwanayu wabereka kale.

Musadikirenso kuti mwana wake akule kaye. Kaonaneni ndi ahedi akadali woyembekezera kuti dzina lake lidziwike kuti adzabwerera, ndipo gwirizanani pabanja amene adzasale ndi khanda nthawi ya sukulu. Akayamba kujomba masiku awiri kapena atatu pa sabata, pitani kunyumba kwawo sabata yomweyo pamodzi ndi amayi a gulu loona za atsikana pasukulupo. Ngati akukakamizidwa kubwerera kwa mwamuna, imbani pa 116, nambala yaulere yothandiza ana.