Maso a nkhono ndi katemera wowotchedwa uja

Pafupifupi gulu lililonse la WhatsApp, kaya la banja, la mpingo kapena la anthu amene anaphunzira sukulu imodzi, lili ndi munthu wake amene m'mawa uliwonse amaponyamo nkhani yoopsa n'kumata mawu akuti "ndangolandira, sindikudziwa ngati n'zoona". Chokwiyitsa n'chakuti kawirikawiri munthuyu ndi wopita kusukulu, wa digiri yake, amene kuntchito sangasayine chikalata asanachiwerenge. Akangogwira foni, nzeru zonse zija amazisiya m'thumba la jekete.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nkhani za pafoni kudekhako ndi mafunso angapo amene munthu amafunsa uthenga asanaupatsire mnzake, ndipo nkhani ya katemera amene boma linawotcha mu 2021 ingaphunzitse mafunsowo kuposa bodza lamkunkhuniza.

Pa 19 Meyi chaka chimenecho, nduna ya za umoyo ya nthawiyo, a Khumbize Chiponda, inaponya katemera wa Covid-19 m'ng'anjo ya pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, atolankhani akujambula. Tiyerekeze kuti lero chithunzi cha tsikulo chafika pafoni ya a malume kumudzi, pansi pake palembedwa kuti: "Boma lavomera! Katemera ndi poizoni, awotcha yense. Tumizirani abale anu asanachichotse." A malume akafunsa ngati zinachitikadi, yankho ndi lakuti inde. Nduna ndi yeniyeni, moto ndi weniweni, katemera anapsadi. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, chifukwa anazolowera kuganiza kuti bodza ndi chinthu chimene sichinachitike n'komwe. Uthenga wosocheretsa umatenga chinthu choona n'kuchiveka tanthauzo labodza, ndiye wofufuza mothamanga amapeza choonacho n'kumeza ndi tanthauzo lomwe.

Choyamba kufunsa ndi tsiku. Uthenga wotere sutchula tsiku, umangoti "lero" kapena "posachedwapa", ndipo mawu akuti "lero" sakalamba: amene waulandira patapita zaka zinayi amawerengabe kuti lero. Chithunzi chingathe kufufuzidwa pochiika mu Google Lens kapena TinEye, zimene zimaonetsa masamba ena pamene chinatulukapo kale. Chikapezeka kuti chinali m'nyuzipepala za 2021, mawu akuti "lavomera lero" agwa pomwepo.

Kenaka pamabwera funso limene ofalitsa mabodza amadana nalo kwambiri: angati, mwa angati? Katemera amene anawotchedwa anali milingo 19,610 ya AstraZeneca. Nambalayi ikaima payokha ikuoneka yaikulu, mwina n'kuchititsa mantha. Koma inali mbali ya milingo 102,000 imene dziko lino linalandira kudzera ku African Union. Mwana wa sitandade 5 angachotsere yekha: yotsala ndi 82,390, ndipo imeneyo inabayidwa m'mikono ya anthu. Pa milingo isanu iliyonse, inayi inagwira ntchito. Mawu akuti "awotcha yense" ndi abodza, ndipo boma limene lazindikira kuti mankhwala ndi poizoni silingapitirize kubaya anthu katemera wa mtundu womwewo m'zipatala zake, monga linapitirizira.

Nanga anawotcheranji? Katemerayu anafika pa 26 Marichi, tsiku lake lothera mphamvu lili 13 Epulo. Azaumoyo anali ndi masiku 18 okha oti amufikitse m'maboma onse. Wotsala anatha mphamvu monga amathera mankhwala ena alionse, ndipo unduna unati ukumuwotcha poyera kuti anthu atsimikize kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha mphamvu. Chowawa n'chakuti china mwa zimene zinachititsa kuti atsale chinali mantha obwera ndi mphekesera zomwezo za pafoni. Mphekesera zinathawitsa anthu, katemera anatsala, ndipo moto wowotcha wotsalayo ungasandukenso umboni wa mphekesera zatsopano.

Amene wanena ndani? Uthenga wosocheretsa umakonda "dokotala wina wa kuchipatala chachikulu", "mkulu wina wa ku Capital Hill" kapena "namwino amene sakufuna kutchulidwa". Mauthenga a mawu ndiye amanyanya: mayi wolankhula monong'ona, mwa chifundo, m'Chichewa chakwathu, akuti waona ndi maso ake. Liwu la munthu limakhulupirika kuposa zilembo, koma liwu lopanda dzina, malo ndi tsiku silingafunsidwe funso lobwereza. Ngati nduna inanenadi mawu aakulu chotere, MBC, Zodiak, Times ndi Nation sizingawaphonye zonse nthawi imodzi. Kukhala chete kwa onsewo ndi yankho kale.

Ndipo pali chiganizo chomaliza chija, "tumizirani abale anu asanachichotse". Ntchito yake ndi imodzi, kuchotsa kudekha. Uthenga ukamakuopsezani, kukupsetsani mtima kapena kukuthamangitsani, dziwani kuti wolembayo akufuna chala chigwire ntchito mutu usanayambe. Ndi njira yomweyo ya akuba a pa Airtel Money ndi Mpamba, amene amati mwana wadwala mwadzidzidzi kusukulu, ndalama itumizidwe pa nambala iyi pompano.

Ena amati zonsezi n'kukulitsa nkhani, kuti uthenga wa pafoni sunaphepo munthu. Afunse a ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'chigawo cha kummwera, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwo. Zambiri zinkayenda pakamwa, koma palibe aliyense mwa ozifalitsa amene anali ataonapo namapopa. Aliyense anangomva kwa wina amene anamvanso kwa wina.

Mwambi wa maso a nkhono uja uli ndi malire ake, inde. Chenjezo la madzi osefukira silidikira kafukufuku, ndipo anthu a ku Chilobwe amene anaona namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 sangalangizidwe kuti azidekha phiri likugumuka. Koma chenjezo lenileni limakhala ndi mwini wake, nthambi yoona za nyengo kapena ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo kutsegula wailesi kuti munthu alitsimikize sikutha mphindi ziwiri. Vuto lenileni ndi la bandulo. Ambiri amagula ya WhatsApp kapena Facebook yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndiye bodza limawafika koma Google satseguka. A malume akumudzi angakhululukidwe pamenepa. Wa digiri uja, amene amakhala pa intaneti ya kuofesi tsiku lonse, alibe pothawira, ndipo adimini amene amangoyang'ana poopa kukhumudwitsa bwana mnzake ndi wolakwa chimodzimodzi.

Eni WhatsApp anayesako mbali yawo. Uthenga umene wadutsa m'manja kasanu kapena kuposa umakhala ndi mivi iwiri ndi mawu akuti "Forwarded many times", ndipo kuyambira Epulo 2020 uthenga wotere ungatumizidwe kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi pa nthawi imodzi. Ambiri sadziwa tanthauzo la mivi imeneyi, ena amaitenga ngati chidindo chakuti nkhaniyo ndi yotsimikizika poti yayenda kwambiri. Mivi imangowerenga manja amene uthenga wadutsamo. Komanso munthu akangokopera mawuwo n'kuwamata ngati wawalemba yekha, mivi imasowa, ndipo uthenga wa 2021 umafika kwa a malume ukuoneka ngati wachokera kwa mphwawo wophunzira wa m'tauni m'mawa womwewo.