Pothokoza Ozimitsa Moto, Titchule Maina Kapena Ntchito?

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa litaumitsa udzu wa pamadenga ndipo mphepo ikukuntha masana, nyumba zimapsa m'midzi. Moto ukazima, banja limene nyumba yake yapsa limatsala ndi ngongole yosabwezeka ndi ndalama. Kawirikawiri banjalo limatuma mwana wophunzira, kapena mphunzitsi wapafupi, kuti alembe mawu othokoza oti atuluke m'nyuzipepala. Koma malo a m'nyuzipepala ndi ogula, choncho mawuwo ayenera kukhala ochepa, ndipo wolemba ayenera kusankha zolowa ndi zotsala. Ambiri amathamangira kundandalika maina a anthu ndi mphatso zawo. Njira imeneyi, ngakhale imaoneka yaulemu, ndiyo imagawanitsa anthu amene moto unawasonkhanitsa. Chidziwitso chabwino chimatchula ntchito imene inagwiridwa, ndi kuthokoza mudzi wonse pa ntchitoyo.

Chifukwa chake chimaoneka munthu akalingalira mmene moto umazimidwira. Mwachitsanzo, nyumba yaudzu yagwira moto usiku m'mudzi wina wa ku Dedza. Mfuwu ukamveka, amayi ndi atsikana amathamangira kumjigo ndi ndowa, amuna amathira mchenga ndi kugwetsa mpanda kuti moto usalumphire kunkhokwe, anyamata amakwera nyumba yoyandikana ndi kusasula udzu wake. Wina amanyamula ana ndi kukawagoneka kwake. Zonsezi zimachitika mumdima ndi mu utsi, mwini nyumba ali kakasi, ndipo palibe amene amawerenga nkhope. Kutacha ndi pamene kumabwera thandizo looneka: thumba la chimanga, bulangete, ndalama za m'envulopu. Izi zimalembedwa m'kope pamodzi ndi maina a opereka.

Tsono wolemba akatsegula kope lija, amatulutsa chidziwitso chonga ichi: "Tikuthokoza a Uje pa matumba awiri a chimanga, a Uje a pagolosale pa ndalama, ndi ena onse amene sitinawatchule." Mawu akuti "ena onse" ameza mayi amene anabwerera kumjigo kasanu mpaka khosi kuwawa, ndi mnyamata amene anapsa dzanja potulutsa mbuzi m'khola. Kope linalemba za m'mawa, koma nkhokwe inapulumuka ndi ntchito ya usiku. Mndandanda wotere umaphunzitsa mudzi kuti thandizo la mwini chuma ndilo lili ndi dzina, pamene la mmphawi ndi la chisawawa.

Palinso mphatso zina zimene mtengo wake suoneka papepala. Udzu wofolera umamwetedwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Pofika Okutobala wotsala kutchire umakhala utapita ndi lupsa. Choncho munthu wopereka mitolo itatu ya udzu nyengo imeneyi wachotsa pa denga lake lomwe, mvula ili pakhomo. Chimodzimodzinso gogo amene wagawa mbale ya mbewu imene anasunga kuti adzale mvula yoyamba ikagwa. Pa mndandanda, mitolo itatu ndi mbale imodzi zimaoneka zopepuka pafupi ndi matumba awiri, chonsecho woperekayo ndiye wadzimana koposa. Wolemba wanzeru saika ziwerengero zotere poyera kuti anthu aziyerekeze.

Ena angatsutse, nati munthu amene wagula malata kapena kutaya ndalama zambiri ayenera kumva dzina lake, apo ayi mawa sadzathandizanso. Mawu amenewa ali ndi nzeru yake, pakuti kusayamika kumafooketsa manja opatsa. Koma nyuzipepala si khomo lokhalo lothokozera. Wothandiza kwambiri amayenderedwa kunyumba kwake, banja lonse n'kukhala pamphasa ndi kuomba m'manja. Ulemu umenewo umaposa dzina losindikizidwa m'zilembo zazing'ono. Maina oyenera kulowa m'chidziwitso ndi amene amaimira gulu: a mfumu, mpingo kapena mzikiti, gulu la amayi, aphunzitsi ndi ana a sukulu. Aliyense amene anasenza ndowa amadzipeza yekha pansi pa limodzi la maina amenewo, ndipo palibe wotsala panja.

Chinthu chachiwiri chofunika kusamala ndi chimene chinayambitsa moto. Mtima wopwetekedwa umafuna kuloza chala, ndipo wolemba amayesedwa kuika mawu onga "moto umene anthu ansanje anayatsa." Mzere umodzi wotere umasandutsa kuthokoza kukhala mlandu, pakuti m'mudzi aliyense amadziwa amene anakangana ndi banjalo pa za malire a munda. Dzina lingakhale silinalembedwe, munthuyo walozedwa. Kumunenera mnzako m'nyuzipepala popanda umboni kukhoza kufikitsa wolemba kubwalo la milandu, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Ngati pali chikayiko chakuti moto unayatsidwa dala, nkhaniyo ipite kwa a mfumu ndi kupolisi. Ngati unayamba ndi kandulo kapena mbaula ya m'nyumba momwemo, kusindikiza zimenezo ndi kusenzetsa mwana kapena mayi manyazi a moyo wonse. Mawu akuti "moto umene unagwa" ndi okwanira.

Chidziwitsocho chisasandukenso pempho. Kulemba kuti "tikusowabe zofunda ndi ziwiya" pansi pa mawu othokoza kuli ngati kuuza anthu kuti zimene anachita zachepa. Chifukwa cha ichi, nthawi yabwino yochitulutsa ndi pamene denga lafoleredwa ndipo banja lagona m'nyumba yake, kuti othandiza amve kumene thukuta lawo lafika. Chidziwitso cha banja la ku Dedza lija chikhoza kumveka chonchi:

"Ife a banja la a Uje, a m'mudzi mwa Uje, tikuthokoza a mfumu, mipingo, aphunzitsi ndi anansi athu onse chifukwa cha thandizo lanu pa moto umene unagwa pakhomo pathu usiku wa pa 14 Okutobala. Munatunga madzi, munapulumutsa nkhokwe, munasunga ana athu, munatigawira udzu, mitengo, chakudya ndi mbewu. Lero tagona m'nyumba yofolera. Mulungu akubwezereni."

Mizereyi ndi yochepa, koma ikunena wothokoza, othokozedwa, tsiku, ntchito ndi zotsatira zake. Mphamvu yake ili m'aneni: munatunga, munapulumutsa, munasunga, munatigawira. Woyesa ngati chidziwitso chakhoza achiwerenge mokweza pamaso pa nkhalamba ya pabanjapo asanachitumize. Nkhalambayo ikafunsa kuti, "Nanga a Uje aja mwawaiwala?" ndiye kuti mndandanda walowamo, ndipo mankhwala ake si kuonjezera dzina koma kufutukula mawu kufikira a Ujewo atakwanamo. Dzina la mfumu ndi la mudzi zilembedwe mosalakwitsa, pakuti pepala likasindikizidwa silifufutika.

Pomaliza, pepala lisalowe m'malo mwa pakamwa. Ambiri mwa amene anasenza madzi sagula nyuzipepala, ndipo ena sawerenga. Banja liyambe lathokoza pabwalo kudzera mwa a mfumu. Chidziwitso chikatuluka, wophunzira uja achidule, achiwerenge pamsonkhano wa mudzi kapena pamapemphero, ndi kuchipachika pamene anthu amadutsa. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Chilimwe chimabwera chaka ndi chaka, madenga audzu akadalipo, ndipo mayi amene anamva ntchito yake ikutchulidwa poyera sadzazengereza kutola ndowa mfuwu ukadzamvekanso.