Mwamuna sali mlendo pa mafuwa a nyumba yake

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri tikakhala ndi mabanja pa maphunziro a ukwati: “Ine mkazi wanga ndimamuthandiza.” Mwamuna amawanena mokweza, n'kuyang'ana uku ndi uku, kudikira kuti timuombere m'manja. Ife sitiomba. Munthu amathandiza pa nchito ya mwini wake, monga mnansi amabwera kudzagwirako khasu m'munda wa mnzake, dzuwa likamuwawa n'kubwerera kwawo popanda womufunsa. Koma mbale imene mwamuna wadyeramo si ya mnansi, ndipo mwana amene akufunika kusambitsidwa si wa ciyendamnjira.

Sitikunena pano za makolo athu a kale. Tikunena za mabanja amene acuruka masiku ano ku Ulongwe, ku Furankungu ndi m'midzi yozungulira, kumene mwamuna ndi mkazi onse awiri amacoka pakhomo m'mawa ndipo onse awiri amabweretsa metikali kumapeto a mwezi. Ndalama ya mkazi timailandira ndi manja awiri. Ikafika nkhani ya madzi ndi nkhuni, mwadzidzidzi takumbukira mwambo.

Tiyeni tiwerenge, pakuti mkangano uwu umatha msanga munthu akagwira colembera. Tiyerekeze banja la ana atatu. Bambo ndi mphunzitsi, amaphunzitsa cigawo ca m'mawa ndipo masana amakhala atafika pakhomo. Mayi amagwira nchito ku cipatala kuyambira 7:30 mpaka 15:30, monga anchito ambiri a boma, ndiye kuti maola 40 pa sabata. Nyumbayi imafuna zigubu zinayi za madzi pa tsiku. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilo 20, ndipo cimakwera pamutu cimodzicimodzi. Ngati ulendo wa ku mjigo, kupita, kudikira pa mzere ndi kubwerera, utenga theka la ola, ndiye maola awiri apita. Phala la m'mawa, nsima ndi ndiwo za madzulo, maola ena awiri. Kutsuka mbale, kusesa ndi kusambitsa wamng'ono, ola limodzi, ndipo apa tawerenga mowumira. Ndi maola asanu tsiku lililonse, osapatula Lamulungu: 35 pa sabata. Onjezani atatu ocapa zovala Loweruka ndi awiri a ku cigayo. Akwana 40. Mayi ameneyu ali pa nchito ziwiri zathunthu, koma yaciwiriyo ilibe malipiro, ilibe chuthi, ndipo akadwala palibe womulowa m'malo.

Bambo adzayankha kuti nayenso ali ndi zake, ndipo sakunama. Amafolera denga, amamanga nkhokwe, amakonza njinga, amawaza nkhuni, amathirira ku dimba. Amakonzekeranso maphunziro a mawa ndi kuconga makope a ana, ndipo maola amenewo tiwawerenge ndithu, cifukwa cilungamo sicidyera mbali imodzi. Koma taonani kusiyana kwake. Denga limafoleredwa kamodzi pa caka, mvula isanayambe. Nkhokwe imadikira; ukaisiya lero, mawa uipeza pomwepo. Njala ya mwana sidikira. Nchito zimene tinazicha za amuna zambiri ndi za nyengo, ndipo mwini wake amasankha yekha tsiku lozigwira. Zimene tinazicha za akazi zimabwera ndi dzuwa lililonse ndipo zili ndi ola lake. N'cifukwa cake kugawa kwa “iwe zisanu, ine zisanu” n'kwacinyengo. Ciyeso coona ndi ici: madzulo, ndani wakhala pansi, ndipo wakhala nthawi yaitali bwanji? Ngati wina ali ku baraka kuyambira 16:00 pamene mnzake akuyamba kupuma mbale zitauma, musatifunse ngati m'nyumbamo muli cilungamo.

M'banja tayerekezali njira ili poyera. Amene wafika msanga ndiye atunge madzi. Bambo ali ndi njinga, ndipo njinga imanyamula zigubu ziwiri ulendo umodzi; maola awiri a mayi asanduka ola limodzi la bambo, khosi la munthu n'kupulumuka. Nyemba zimafuna nthawi yaitali pamoto: aziteleke iye masana, azisonkhezera kwinaku akuconga makope ake. Ufa ukatha, thumba likwere njinga yomweyo kupita ku cigayo. Mayi akafika aphike nsima, bambo atsuke mbale. Sabata imene mayi wagonera ku nchito, khichini lonse ndi la bambo. Ndipo nchito imene munthu waitenga aitenge ndi mutu wake womwe. Amene watenga madzi adziwe yekha kuti mtsuko wauma. Ngati mkazi ayenera kukumbutsa katatu, ndiye kuti nchitoyo akuisenzabe iye, wangobwereka miyendo ya mwamuna.

Tikudziwa cimene cimawopsa amuna. Si kulemera kwa cigubu ayi, koma pakamwa pa anthu: “Anamudyetsa khuzumule uja.” Koma tiyang'ane bwino amene akusekawo. Mwamuna akamatunga madzi pa njinga n'kumagulitsa m'tauni, amamucha wolimbikira. Akamaphika m'nyumba yogulitsira zakudya, amamucha khukhi. Amene amapita kukagwira nchito ku migodi ya malasha ku Moatize, kapena agogo athu amene ankapita ku Joni, zovala ankawacapira ndani? Ndiye kuti mthiko sucotsa ulemu wa mwamuna pamene pali ndalama. Umaucotsa pokhapo akaphikira ana ake. Mwambo wotere ndi wokayikitsa, ndipo ife tikuganiza kuti dzina lake lenileni ndi ulesi. Ngakhale lamulo la dziko silili kumbali yawo: Lamulo la Banja la caka ca 2004, ndi limene linalowa m'malo mwake mu 2019, limapatsa mwamuna ndi mkazi ufulu ndi udindo wofanana m'banja. Kwa ife Akhristu nkhaniyi inatha kale m'cipinda ca Mgonero, pamene Ambuye anatenga beseni ndi madzi n'kugwira nchito imene inali ya kapolo. Timapereka mapazi mokondwa pa Lacinayi Loyera. Beseni la kunyumba ndilo timalithawa.

Amayi, nanunso tili nanu mawu. Ena mwa inu mumamuthamangitsa mwamuna ku khichini poopa apongozi ndi anzanu a pa mjigo. Ena mukaona nsima yake ili ndi mibulu mumamulanda mthiko n'kumuseka pamaso pa ana, mawa n'kudandaula kuti sagwira kanthu. Inunso nsima yanu yoyamba sinali yosalala. Musiyeni aphunzire, banja lidye mibuluyo sabata imodzi.

Pali njira ina imene mabanja ambiri amathawirako, ndipo imeneyi tikuikana kotheratu. Poopa kukambirana awiriwiri, amakatenga kamtsikana kumudzi, kamwana ka mlongo kapena ka msuweni, ndi lonjezo lakuti kadzaphunzira sukulu. Maola 40 aja amagwera pa mwana wa zaka 12. Amadzuka woyamba, amagona womaliza, m'kalasi amasinza, ndipo caka cikatha timati alibe mutu wa sukulu. Kwina katunduyo amagwera mwana wamkazi woyamba kubadwa, alongo ake akumenya mpira. Ngati nchito yacurukadi ndipo malipiro awiri akulola, lembani munthu wamkulu, mumvane naye maola ndi ndalama, mumulipire pa tsiku lake. Ngati sakulola, bwererani pa pepala lija nonse awiri, ndipo pa mndandanda wa otsuka mbale mulembepo mayina a anyamata a pakhomopo.