Mukaika katundu woodetseratu, musamangolemba kuti "ubwera posachedwa"

Anzanga a geni ya zipangizo za foni, zithunzi za machaja ndi mapawabanki mumajambula bwino, koma mawu a pansi pake ndi amene akutiyambanitsa ndi makasitomala. Munthu wapereka ndalama, inu mwangolemba kuti katundu afika posachedwa. Kwa iye posachedwa ndi sabata yamawa, kwa inu ndi miyezi iwiri. Sabata yachitatu ikakwana dzina lanu layamba kale kuzungulira m'magulu kuti ndinu wakuba, chonsecho kontena ili pamadzi.

Ine ndimati lembani madeti. Ndipo muziwerenga kuyambira tsiku lotseka maoda, osati tsiku limene munthu walipira, chifukwa simugula katundu mpaka maoda atakwana. Tiyerekeze mapawabanki ochokera ku Guangzhou. Awa ali ndi mabatire a lifiyamu, ambiri otumiza pa ndege amawakana kapena kuwatchaja padera, ndiye nthawi zambiri amayenda pa sitima. Wogulitsa akonze katundu, wotumiza adikire kontena idzaze ndi katundu wa ena, sitima ifike ku Dar es Salaam, kontena ituluke padoko, thiraki idutse Kasumulu ndi Songwe, msonkho ulipidwe. Madalaivala muli muno mukudziwa kuti pa boda munthu sulonjeza tsiku. Ine ndimauza makasitomala masabata 8 mpaka 11, ngakhale wotumiza atandiuza 6. Onaninso kalendala ya ku China: kuyambira pa 1 Okutobala kumakhala tchuthi cha sabata, ndipo pa chaka chawo chatsopano, kumapeto a Januwale kapena mu Febuluwale, mafakitale amatseka masabata angapo.

Za dipoziti ndi pamene ambiri timachita manyazi, kuopa kuti kasitomala athawa. Tiyeni tiwerenge. Pawabanki mukugulitsa K60,000. Kugula ku China ndi K35,000, kutumiza ndi msonkho K10,000, phindu K15,000. Mukatenga dipoziti ya K10,000 kwa anthu 50, ndiye kuti mwaikapo K1,250,000 ya m'thumba mwanu kugulira anthu amene kusintha maganizo sikuwapweteka kwenikweni. Dipoziti izikwana mtengo wogulira katunduyo, pano K35,000. Amene waikana dipoziti yotere adikire adzagule katundu akafika, pa mtengo wa pashelefu.

Koma mukatenga ndalama yochuluka chonchi, kasitomala naye ali ndi ufulu wodziwa tsiku limene angaitenge mukalephera. Ena mumalemba kuti dipoziti sibwezedwa, basi. Zimenezo nzokondera, ndipo munthu wanzeru salipira pamenepo. Mawu anga pansi pa chithunzi amakhala chonchi:

"Pawabanki ya 20,000mAh, yoodetseratu, panopa palibe. Mtengo K60,000. Dipoziti K35,000, yotsala K25,000 podzatenga. Maoda atsekedwa pa 15 Ogasiti. Katundu afika pakati pa 10 ndi 31 Okutobala. Mukasintha maganizo tisanatseke maoda, ndalama yonse ibwerera. Tikatseka, dipoziti sibwerera chifukwa katundu wagulidwa kale. Katundu akapanda kufika pofika pa 30 Novembala, kapena akafika wosiyana ndi amene munaoda, ndalama yonse ibwerera pasanathe masiku 7. Tiyesera limodzi podzatenga. Yosagwira ntchito tisintha kapena kubweza ndalama. Mukapanda kutenga patatha masiku 14 titakuuzani, tigulitsa kwa wina, dipoziti yanu mulandira ikagulidwa."

Ena adzati mawu achuluka, anthu sawerenga. Nzoona, ambiri sawerenga. Nchifukwa chake munthu asanatumize ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, mutumizireni mawu omwewa payekha, ayankhe kuti wavomera, musunge uthengawo. Ngati ndi kava kapena galasi la foni, alembe yekha mtundu wa foni yake ndi nambala yake yonse, chifukwa "Tecno Spark" zilipo zambiri ndipo mabowo a kamera sali pamodzi. Akalakwitsa yekha, uthenga wake womwewo ukuyankhirani.

Chinthu chimodzi ndimawonjezera chichitikireni za mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali ndi katundu panjira anaona msonkho ndi ndalama yotumizira zikukwera mtengo atalengeza kale. Choncho ndimalemba kuti dipoziti yatseka mtengo wogulira, koma yotsalayo ingasinthe kwacha ikagwetsedwa katundu asanafike, ndipo wosafuna mtengo watsopano alandira dipoziti yake katunduyo akagulidwa ndi wina. Ndalama ya dipoziti musaisunge m'makwacha kudikira mwezi uthe. Maoda akatsekedwa, lipirani wogulitsa sabata yomweyo.