Mutu wobwera ndi mwezi

Amayi ambiri amadziwa kuti msambo wayandikira asanayang'ane pa kalendala, chifukwa mutu umayamba kuwauza. Umagunda mbali imodzi, munthu amachita nseru, kuwala ndi phokoso zimamusowetsa mtendere, ndipo akawerama kapena kukwera chitunda ululu umakula. Uwu ndi mutu waching'alang'ala, ndipo mwa amayi ena umasunga nthawi. Umabwera pakati pa masiku awiri msambo usanayambe ndi tsiku lachitatu la msambowo.

Ambiri timaganiza kuti vuto ndi kutaya magazi. Koma nanga mutu umayambiranji magazi asanatuluke n'komwe? Gwero lake ndi mchere wa m'thupi wotchedwa esitirojeni, womwe umapangidwa m'mabasiketi a mazira. Kwa mayi amene amasamba pakatha masiku 28 aliwonse, dzira limatuluka cha pa tsiku la 14. Kenako thupi limasunga esitirojeni wochuluka kwa masiku angapo poyembekezera mimba. Mimba ikapanda kubwera, mcherewu umatsika mofulumira m'masiku omaliza. Ubongo wa munthu amene anabadwa ndi chibadwa cha ching'alang'ala sukondwa ndi kutsika kotere. Mtsempha womwe umanyamula uthenga wa ululu wa kumaso ndi m'mutu umayamba kutekeseka ndi zinthu zazing'ono, zomwe sabata ina sizikanaukhudza.

Umboni womwe ine umandigwira mtima ndi wa dokotala wa ku Australia, Brian Somerville, yemwe anasindikiza kafukufuku wake mu 1972. Iye anabaya amayi odwala mutuwu jakisoni wa esitirojeni msambo utayandikira. Msambo unabwera pa nthawi yake, koma mutu unachedwa ndi masiku angapo, n'kudzabwera mankhwalawo atayamba kutha m'thupi. Atawapatsa mchere wina wotchedwa pulojesiteroni zinatembenuka: msambo unachedwa, mutu unabwera tsiku lake lomwe lija. Choncho mutu sutsatira magazi ayi, umatsatira kutsika kwa esitirojeni. N'chifukwa chake amayi ambiri amapumako akakhala oyembekezera, pomwe mcherewu umakhala wochuluka osatsika, ndiye mutu n'kubwerera akangobereka.

Kudziwa ngati mutu wanu ndi wa mtunduwu sikufuna makina. Mlamu wanga amagulitsa tomato pamsika wa Chigumula, ndipo mwezi uliwonse ankataya masiku awiri a malonda, n'kumati ndi malungo. Ndinamupatsa kope la sukulu kuti azilemba zinthu ziwiri zokha: tsiku loyamba kusamba ndi tsiku lililonse lomwe mutu wamugwira. Anasamba pa 3 Malichi, pa 31 Malichi ndi pa 28 Epulo. Mutu unamugwira pa 2 Malichi, pa 30 Malichi ndi pa 28 Epulo. Panali tsiku lina, pa 15 Epulo, koma limenelo anakhala padzuwa osadya mpaka madzulo. Achipatala amafuna kuti mutu ugwe m'masiku asanu aja pa misambo iwiri mwa itatu. Iye zinagwirizana pa itatu yonse, ndipo kopelo ndi lomwe anapita nalo kuchipatala.

Phindu la kudziwa tsiku ndi lakuti mankhwala amamwedwa msanga. Bulufeni amagwira bwino mutu ukangoyamba, ndipo amamwedwa munthu atadya. Mukadikira mpaka kuyamba kusanza, piritsi silikhalanso m'mimba. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena ali oyembekezera asamwe asanafunse achipatala. Ndipo kugula panado pa okala tsiku ndi tsiku kuli ndi msampha wake: mukamamwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, mankhwalawo ndi amene amayamba kubweretsa mutu.

Amayi omwa mapiritsi olera, imvani apa. Paketi yodziwika ija imakhala ndi mapiritsi 21 okhala ndi michere, ndi ena 7 amtundu wina omwe alibe. Mukafika pa 7 aja esitirojeni amatsika ngati mmene amachitira msambo ukayandikira, ndipo ena mutu umawagwira sabata imeneyo. Izi n'zokambirana ndi anamwino, osati kungosiya kumwa. Koma pali chizindikiro chimodzi chomwe sichifuna kuchedwa. Ngati mutu usanayambe mumaona timizere tothwanima, mbali ina ya zomwe mukuyang'ana n'kusowa, kapena dzanja ndi milomo kuchita dzanzi kwa mphindi zingapo, mapiritsi okhala ndi esitirojeni sakuyenerani, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko. Njira zina zilipo, monga jakisoni, lupu ndi ya pamkono. Anamwino sangalote zimenezi, muyenera kuwauza nokha.

Si mutu uliwonse wobwera pa msambo womwe ndi wa msambo. Ukabwera ndi kutentha thupi, kayezetseni malungo. Ukagwa mwadzidzidzi ngati mwamenyedwa ndi chibonga, khosi likauma, pakamwa pakapotoka kapena mkono ukafooka, siyani kope, pezani galimoto yopita ku Queens tsiku lomwelo.