Ndalama za m'kabati si phindu

Eni maokala ambiri akatseka madzulo amawerenga ndalama za m'kabati, ndipo zikachuluka amagona ndi mtima pansi. Koma ndalamazo sizinena ngati okala ikupindula. Zimangosonyeza kuti katundu watuluka. Phindu lenileni limaoneka pokhapokha zinthu zitatu zikaikidwa pamodzi: zomwe wamalonda analipira pooda, zomwe wagulitsa, ndi katundu amene watuluka popanda kubweretsa ndalama. Wosiya chimodzi mwa zitatuzi amatha kudya mpamba akuyesa akudya phindu.

Mazira ndi chitsanzo chabwino, ndipo mitengo ili apayi ndi yongoyerekeza. Mayi wina waoda mathireyi 5 pa K9,000 thireyi imodzi, zomwe ndi K45,000. Thireyi imakhala ndi mazira 30, choncho ali ndi mazira 150. Akamagulitsa K400 limodzi, m'mutu mwake akuona K60,000 ndi phindu la K15,000.

Cholakwika choyamba chili pomwepo. Wakabaza amene anabweretsa katunduyo analandira K2,000, ndipo ndalama imeneyo ndi mbali ya mtengo woodera. Mpamba weniweni ndi K47,000.

Sabata yatha, mathireyi onse ali mbee. Mazira 6 anasweka panjira, 4 anapezeka owola ndipo ogula anawabweza, 10 anakazingidwa kunyumba, ndipo 10 anatengedwa pangongole ndi oyandikana nawo amene akuti alipira mwezi ukatha. Ogulitsidwa ndi ndalama pamanja ndi 120 okha, omwe abweretsa K48,000. Kuchotsapo K47,000 kwatsala K1,000. Pa K100 iliyonse imene mayiyu anaika m'mazira, wapindula K2 yokha.

Vuto limakula tsiku lokaodanso. Ngati thireyi yakwera kufika pa K9,500, mathireyi 5 ndi kabaza zikufuna K49,500, pamene iye ali ndi K48,000. Agula mathireyi 4, kapena atapa ndalama za shuga ndi sopo kuti akwanitse. Umu ndi mmene mashelefu amayambira kuyera pamene makasitomala akubwerabe tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake phindu liyenera kuyezedwanso ndi mtengo wa katundu wamawa, osati wa dzulo wokha.

Ena anganene kuti mazira odyedwa kunyumba sanatayike, komanso ngongole idzabwezedwa. N'zoona, koma okala siingaode ndi mazira amene ali m'mimba, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi uja akadalipira mazira a kunyumba kuchokera m'thumba mwake, n'kukana ngongole, akadatolera K56,000. Phindu likadakhala K9,000, pafupifupi K19 pa K100 iliyonse, ngakhale mazira 10 anaonongeka. Apa zikuoneka kuti chimene chikumugwetsa kwambiri si kusweka kwa mazira, koma katundu wotuluka osalipiridwa.

Kuti zimenezi zidziwike pamafunika kope limodzi la sukulu. Katundu aliyense akhale ndi tsamba lake. Kumtunda kulembedwe tsiku looda, kuchuluka kwake, mtengo ndi ndalama ya mayendedwe. Pansi pakhale mizere inayi: zogulitsidwa, zangongole, zakunyumba ndi zoonongeka. Pogulitsa sipafunika kulemba mawu, kachizindikiro kamodzi pa dzira lililonse n'kokwanira.

Kamodzi pa sabata, okala isanatsegulidwe, katundu wotsala awerengedwe ndi manja. Zimene zinalipo, kuphatikiza zoodedwa, kuchotsapo zotsala, ndiye katundu amene watuluka. Chiwerengero chimenechi chiyenera kufanana ndi mizere inayi ija ikaphatikizidwa. Ngati mazira 150 atuluka koma kope likuonetsa 140, ndiye kuti 10 asowa popanda wowadziwa. Mwina wogulitsa anaiwala kulemba pa nthawi ya chipwirikiti, mwina pali dzanja lalitali. Kusiyana kukachitika kamodzi kungakhale kuiwala, koma kukamabwera sabata iliyonse pa katundu yemweyo, mwini okala ayenera kufufuza amene amakhala pa kauntala masiku amenewo.

Kope lomwelo limaonetsanso msanga wa kayendedwe ka ndalama. Katundu wopatsa K10 pa K100 koma wotha sabata iliyonse amaposa wopatsa K30 amene amakhala pa shelefu miyezi itatu, chifukwa woyambayo amakhala atabweza phindu lake maulendo oposa khumi.

Dandaulo loti nthawi yolemba palibe ndi lomveka kwa munthu amene amagulitsa yekha. Koma palibe chifukwa choyambira ndi okala yonse. Katundu musanu amene wadya mpamba wambiri, monga shuga, mafuta ophikira, sopo, mazira ndi buledi, ndi wokwanira mwezi woyamba. Pakutha pa masabata anayi, masamba asanuwo adzasonyeza katundu amene akuyenera kuwonjezeredwa mpamba, ndi amene akungodyera anzake.