Ngodya ya Zaluso: Zilembo zachimbuuzi pa laputopu yatsopano

Mlembi wa kopaletivu ina ya alimi a mtedza atalandira laputopu yatsopano, chimwemwe chake sichinapitirire tsiku loyamba. Zilembo zinkaoneka zazing'ono ngati nthangala za mawere, moti ankachita kuyandikitsa nkhope kuti awerenge mayina a mamembala. Mnzake wina anamuthandiza pochepetsa nambala ina pa malo osinthira kaonekedwe ka sikirini. Zilembo zinakuladi, koma zinayamba kuoneka mwachimbuuzi, kotero kuti 3 ankafanana ndi 8. Kwa munthu amene amalemba makilogalamu a mbewu imene mlimi aliyense wapereka, kusokoneza 130 ndi 180 ndi nkhani yotha kudanitsa anthu. Mlembiyo anafika poganiza kuti wapatsidwa makina owonongeka, kapena kuti maso ake ayamba kufooka. Chonsecho laputopuyo inali yabwinobwino ndipo vuto lake linali lotheka kulikonza m'mphindi zochepa.

Timadontho ta pa sikirini

Chilichonse chimene chimaoneka pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho towala totchedwa mapikiselo, tondandalikidwa m'mizere ngati mapando a m'munda. Chiwerengero cha timadonthoti chimakhazikitsidwa kufakitale ndipo sichisintha. Malaputopu ambiri akale anali ndi sikirini ya mainchi 15.6 yokhala ndi timadontho 1366 chopingasa ndi 768 chotsika. Laputopu ya mlembi uja ndi ya mainchi 14 okha, koma ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Timadontho tachuluka pafupifupi kawiri pamene malo achepa, ndiye kuti kadontho kalikonse ndi kakang'ono kwambiri. Pa inchi imodzi ya sikirini yakale pankakwana timadontho pafupifupi 100, pamene pa yatsopanoyi pakukwana pafupifupi 157.

Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene zilembo zinachepera. Mzere wa mawu wotalika timadontho 16 unkatenga mamilimita 4 pa laputopu yakale. Mzere womwewo pa laputopu yatsopano ukutenga mamilimita awiri ndi theka basi. Mlimi akathinanitsa mapando, mapando khumi amatenga malo ochepa ngakhale kuti chiwerengero chake ndi chomwe chija.

Njira yolakwika ndi njira yoyenera

Pali njira ziwiri zokulitsira zinthu pa sikirini, ndipo zonse zimapezeka pa tsamba limodzi, n'chifukwa chake anthu ambiri amazisokoneza. Mnzake wa mlembi uja anasankha yoyamba: anatsitsa Display resolution kuchoka pa 1920 x 1080 kufika pa 1366 x 768. Potero anauza kompyuta kuti izijambula chithunzi cha timadontho 1366, koma sikirini inatsalabe ndi timadontho take 1920. Kuti chithunzicho chidzaze sikirini yonse, chimayenera kukokedwa, ndipo kadontho kalikonse ka chithunzi kamagwera pa kadontho kamodzi ndi kachigawo ka kena. Popeza kadontho ka sikirini sikangayake theka, makina amasakaniza mitundu ya timadontho toyandikana. M'mphepete mwa chilembo chakuda mumasanduka motuwa, ndipo chimbuuzi chija n'chimenechi. Zimafanana ndi kulemba dzina pa mphira kenako n'kuukoka: zilembo zimakula koma zimazilala.

Njira yachiwiri ndiyo mulingo wokulitsira, umene pa sikirini umalembedwa kuti Scale. Njira imeneyi sikoka chithunzi. Imauza mapulogalamu kuti ajambule chilembo chilichonse mwatsopano pogwiritsa ntchito timadontho tochuluka. Windows imatenga timadontho 96 pa inchi ngati mulingo wa 100%. Mulingo wa 125% ndi timadontho 120, ndipo wa 150% ndi 144, umene uli pafupi ndi 157 wa laputopu ya mlembi. Pa 150%, mzere uja wa timadontho 16 umajambulidwa ndi timadontho 24, ndipo umabwerera pa msinkhu wa pafupifupi mamilimita 4. Kukula kwake n'kofanana ndi kwa pa laputopu yakale, koma chilembo chimatuluka chosalala bwino kuposa kale chifukwa chapangidwa ndi timadontho tambiri.

Kakonzedwe kake

Wokonza adine batani lakumanja la mausi pa malo opanda kanthu a sikirini, ndipo asankhe Display settings. Choyamba abwezeretse Display resolution pa nambala imene yalembedwa mawu akuti Recommended pambali pake, pakuti imeneyo ndiyo nambala yeniyeni ya timadontho ta sikiriniyo. Kompyuta imafunsa ngati kusinthako kukhale, ndipo adine Keep changes; akapanda kudina, patatha masekondi ochepa imabwerera yokha pamene inali. Zinthu zidzachepanso, koma asade nkhawa. Kenako apite pa Scale n'kusankha 150%. Pa Windows 10 malo amenewa ali pansi pa mutu wakuti Scale and layout. Mapulogalamu amene anali otsegula awatseke ndi kuwatsegulanso, ndipo ngati ena akuonekabe molakwika, atuluke mu akaunti yake n'kulowanso.

Mulingo wokulitsira uli ndi mtengo wake. Zinthu zikakula, malo ogwirira ntchito amachepa. Pa 150%, sikirini ya 1920 x 1080 imaonetsa zinthu zochuluka ngati sikirini ya 1280 x 720, kotero mizere ya kaundula imene imaoneka nthawi imodzi ndi yochepa, ndipo pa mapulogalamu ena batani la OK limabisika kunsi kwa sikirini. Zikatero ndi bwino kutsikira pa 125%, imene imapereka malo ofanana ndi 1536 x 864. Palinso malo olembapo nambala ya kukonda kwa munthu, otchedwa Custom scaling, koma ndi bwino kuwapewa, chifukwa nambala yolembedwa pamenepo imagwira masikirini onse olumikizidwa ndipo ikakula kwambiri kubwerera kumavuta.

Pulogalamu imodzi ikakanirira

Mlembi uja atakonza zonsezi, makalata ndi masamba a pa intaneti anayera bwino, koma pulogalamu yakale yosungira kaundula wa mamembala inatsala yachimbuuzi. Ili ndi vuto lina, ngakhale kuti gwero lake ndi kukoka komwe kuja. Mapulogalamu ambiri akale analembedwa nthawi imene masikirini onse ankatengedwa kuti ali ndi timadontho 96 pa inchi, ndipo sadziwa kujambula pa mulingo wina. Windows imawalola kujambula pa 100%, kenako imatenga chithunzi cha zenera lawo n'kuchikoka mpaka 150% kuti lisaoneke laling'ono pakati pa anzake.

Mankhwala ake ndi a pulogalamu imodziimodzi. Wokonza adine batani lakumanja pa kachizindikiro ka pulogalamuyo, asankhe Properties, kenako Compatibility, kenako Change high DPI settings. Pamenepo achonge bokosi la Override high DPI scaling behavior, ndipo pansi pake pali zosankha zitatu. Choyenera kuyamba kuyesa ndi System (Enhanced), chimene chinabwera mu Windows 10 m'chaka cha 2017. Chimenechi chimajambula zilembo mwatsopano pa mulingo woyenera, ngakhale kuti tizithunzi ta mabatani timatsalabe tachimbuuzi, ndipo sichigwira pa mapulogalamu onse. Chikakanika ayese Application, chimene chimaletsa Windows kukoka zenera. Zilembo zimayera, koma kawirikawiri zimakhala zazing'ono, ndipo nthawi zina mawu amadukira m'mabokosi awo. Chachitatu, System, ndicho kukoka kwa masiku onse. Pulogalamu iyenera kutsekedwa ndi kutsegulidwanso nthawi iliyonse imene chosankha chasinthidwa, ndipo ngati zinthu zaipiraipira, kuchotsa chongi m'bokosi lija kumabwezeretsa zonse mwakale.

Tsiku la msonkhano

Alangizi amene amaphunzitsa pogwiritsa ntchito pulojekita amakumana ndi chimbuuzi cha mtundu wina. Laputopu ikamaonetsa chithunzi chimodzimodzi ndi pulojekita, zida ziwirizi zimagwirizana pa chiwerengero chimodzi cha timadontho, ndipo ngati pulojekita ili ndi timadontho tochepa, laputopu ndiyo imatsika. Chimbuuzi chimenechi chimatha chingwe chikazulidwa; chikapanda kutha, Display resolution ibwezeretsedwe pa Recommended. Wofuna kuti sikirini yake ikhalebe yoyera pa nthawi ya maphunziro adine batani la Windows pamodzi ndi P, n'kusankha Extend m'malo mwa Duplicate. Pamenepo chida chilichonse chimagwira ntchito ndi timadontho take ndiponso mulingo wake. Mapulogalamu ena amasunga mulingo umene anaupeza potsegulidwa, kotero akasamutsidwira ku pulojekita amachita chimbuuzi, ndipo ameneyo ndi malire a pulogalamuyo.

Kuzindikira gwero la vuto

Asanasinthe kanthu, munthu ayang'ane kaye nthawi yolembedwa pa ngodya ya kunsi kwa sikirini ndi mayina a pansi pa tizizindikiro. Ngati nazonso zili zachimbuuzi, vuto ndi la sikirini yonse ndipo koyambira ndi pa Display resolution. Ngati zimenezi zili zoyera koma zenera limodzi ndilo lazilala, vuto ndi la pulogalamuyo. Ngati mabatani a pulogalamu ali oyera koma chikalata cha m'kati mwake ndicho chosaoneka bwino, vuto lili m'chikalatamo. Fomu yojambulidwa ndi foni pa malo a mdima ndi chithunzi chabe, ndipo palibe mulingo umene ungabwezeretse timadontho timene sitinajambulidwe. Fomu yotero imafunika kuijambulanso powala.

Pa laputopu ya mlembi uja zinthu zinakhazikika motere: Display resolution pa 1920 x 1080, Scale pa 125% chifukwa pa 150% batani losungira kaundula linkabisika, ndipo pulogalamu yakale ija pa System (Enhanced). Nambala zitatuzi anazilemba pa kapepala n'kukamata m'kati mwa chikuto cha buku la kopaletivu, kuti tsiku lina wobwereka laputopuyo akadzazisintha, aliyense wa m'komiti adzathe kuzibwezeretsa.